Mutu Umene a Mtonga Ankafuna Uchotsedwe

Petronella Mtonga anali mphunzitsi wa Chingelezi ndi Chinyanja pasukulu ina ya sekondale pa boma la Lundazi, ndipo ana ankamuopa. Sanali womenya ayi. Ankaopa diso lake. Mwana akaseka mnzake chifukwa walakwitsa poyankhula, Petronella ankasiya choko n'kumuyang'anitsitsa wosekayo mpaka kalasi yonse kuti zii. Aphunzitsi anzake ankati mayiyu ngwaukali wopanda chifukwa. Chifukwa chinalipo, kungoti iwo sanakulire m'nyumba imene iye anakulira.

Bambo ake, a Amock Mtonga a ku Mphamba, anali mphunzitsi wa pulaimale wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo. Chitumbuka ankachikonda moti munthu akachipotoza pang'ono, iwo ankatsinzina ngati aluma mwala m'nyemba. Koma mtima suyendera malamulo a chiyankhulo. Ali mnyamata anakwatira Faides Phiri, mtsikana wa ku Kasungu amene anaoloka malire kudzagwira ganyu yosankha fodya. Kwawo ankamuitana Naphiri. Atangofika kuchibale cha mwamuna anamusandutsa Nyaphiri, monga mwa Chitumbuka, ndipo palibe amene anamufunsa ngati wakonda.

Faides anaphunzira Chitumbuka ndi mtima wonse, koma Chichewa sichinamuchoke pakamwa. Ziwirizo zinangolukana. Ana akamayambana pabwalo, iye ankatuluka m'khitchini manja ali m'chiuno n'kunena kuti, "Sindikufuna viwawa pa nyumba pano yayi!" Mawu amenewa anasanduka nyimbo ya mudzi wonse. Jemima, mlongo wa a Amock, amene ana ankamuti ankhazi, ankawayeserera pachitsime mpaka amayi anzake kugwa nazo ndi phwete. A Amock sankaseka nawo. Iwo ankachita zoposa kuseka: ankamukonza mkaziyo pamaso pa ana ndi alendo, mawu ndi mawu, ngati mwana wa kalasi yoyamba. Ankati akumuthandiza.

Thandizo limenelo linagwiradi ntchito. Petronella akufika msinkhu wa sekondale, amayi ake anali atasiya kuyankhula pagulu. Kumsonkhano wa amayi ankakhala kumbuyo, pamaliro ankangophika, mlendo akabwera ankapereka moni n'kuzimiririka. Anamwalira mu 1993. Pamanda, ankhazi Jemima anaimirira m'malo mwa banja n'kuyamikira kuti malemuwo anali mlendo wabwino pakati pawo. Mlendo! Munthu amene analima minda ya a Mtonga zaka zoposa makumi atatu, amene anabereka ana m'mudzimo n'kuika ena m'manda omwewo! Petronella anameza malovu tsiku limenelo chifukwa cha maliro, koma mawuwo sanawameze.

Tisawanamizire a Amock. Nkhondo imene ankamenya inali yoona. Moyo wawo wonse anaphunzitsa tiana toyankhula Chitumbuka kuwerenga m'Chinyanja, chifukwa ndicho chiyankhulo cha masukulu a chigawo chakum'mawa. Anaona ndi maso awo mwana wanzeru akutuzula maso pa bolodi, osamva kanthu, kenako n'kutchedwa mbuli. Atapuma pantchito anasonkhanitsa anzawo, aphunzitsi akale ndi akulu a mpingo, n'kupanga komiti yopempha kuti ana a ku Lundazi aziyamba kuwerenga m'Chitumbuka. Petronella ankagwirizana nawo pamenepo. Akanakhala wofunsidwa, akanakweza dzanja woyamba.

Mu 1998 anapatsidwa tchuti choti akachite digiri yachiwiri ku yunivesite ku Lusaka. Anasankha kufufuza mmene anthu a kwawo amasakanizira ziyankhulo. Womuyang'anira anali Dokotala Sakala, bambo wowonda wokonda kutafuna chivindikiro cha bolopeni, amene anamupatsa mapepala ofotokopa ofiirira kale ndi manja a anthu.

"Anthu amati kusakaniza ni kusakaniza cabe," anatero Dokotala Sakala m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Iyayi. Kuli mitundu itatu, ndipo ukaisokoneza nizakubwezela pepala yako."

Mtundu woyamba Petronella anautcha kulowetsa. Chiyankhulo chimodzi chimamanga chiganizo chonse, kenako liwu kapena kagulu ka mawu a chiyankhulo china kamangolowetsedwamo n'kumvera malamulo a mwini nyumba. Mtundu wachiwiri anautcha kusinthana. Munthu amayamba m'chiyankhulo ichi, n'kumaliza ganizo lake, n'kulumphira m'chinacho, ndipo chilichonse chimayenda ndi malamulo ake. Wachitatu anautcha kulukana. Umenewu umachitika kwambiri ziyankhulo zikakhala zapachibale, zoyala mawu mofanana, moti munthu amatola apa n'kutola apo, mawu akuluakulu ndi ang'onoang'ono omwe, osapunthwa pena paliponse.

Nkhani yaikulu inali ya chimene mapepalawo ankachitcha matrix language, chiyankhulo chimene chagwira chimango cha chiganizo. Dokotala Sakala anamuchenjeza kuti asamawerenge mawu ngati mavoti. Aziyang'ana zinthu ziwiri: mawu ayalidwa motsata chiyankhulo chiti, ndiponso timawu tating'ono tophatikira kumneni, tosonyeza wochita, nthawi ndi kukana, tachokera kuti. Azichita zimenezi nthambi ndi nthambi ya chiganizo, osati kuweruza munthu yense kapena mudzi wonse kamodzi.

"Ndipo pamene suona chimango, ukambe kuti suona," anatero. "Usalembe vimene sungadifende."

Petronella atabwerera ku Lundazi ndi wailesi ya kaseti, bambo ake anamulandira ngati wabwera ndi mvula. Anaitanitsa komiti. Anauza aliyense kuti mwana wawo wabwera kudzatsimikizira boma, ndi umboni wa ku yunivesite, kuti pansi pa mawu onse a ku Lundazi pali Chitumbuka, ndipo Chinyanja ndi fumbi chabe longokhala pamwamba. Petronella anayesa kunena kuti sanayambe n'komwe kujambula, sakudziwa chimene adzapeze. Palibe anamva. Anamuombera m'manja.

Ndiye anayamba kuyenda m'midzi panjinga. Mudzi woyamba anapeza pabwalo posesedwa, mipando itayalidwa, anthu atavala zakutchalitchi pakati pa sabata. Atatsegula wailesi, mayi wina amene Petronella ankamudziwa bwino kuti pamsika amatukwana m'ziyankhulo zitatu anayamba kuyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga Masalimo. Mkulu wina anafuna kudandaula za mtengo wa feteleza, koma anaima pakati, thukuta lili kamukamu, kufunafuna liwu la makolo la feteleza. Atalephera anangosintha nkhani n'kuyamba kukamba za mvula.

Mudzi wachiwiri zomwezo. Wachitatu zomwezo. Makaseti ankadzaza ndi Chitumbuka choyera mbee, chimene palibe munthu wamoyo amachiyankhula kumunda kapena kuchigayo. Petronella anazunguzika mutu mpaka mayi wina wachikulire ku Chikomeni anamunong'oneza monyadira kuti, "Taona tayesetsa, mwanawe. A Jemima anabwera kudzatiuza kuti tisachititse manyazi a Mtonga. Anati aliyense atsuke pakamwa, liwu lachilendo lisamveke."

Anali atamutsogolera! Komiti inagawana midzi, amayi a mpingo n'kumayenda patsogolo pake ngati okonzekera kubwera kwa abusa. Kwa iwo sikunali kunama ayi. Mlendo akamabwera umasesa pabwalo, umabisa mbale zong'aluka, ndiye wailesi ya ku yunivesite si mlendo wamkulu? Koma makaseti onsewo anali opanda ntchito pa kafukufuku wake, ndipo mbali yaikulu ya tchuti chake inali itapita. Petronella anakankha njinga mtunda wonse osakwera chifukwa cha mkwiyo.

Sanapite kukakangana. Anasintha njira. Inali nyengo yosankha fodya, choncho ankapita m'zigafa, kupempha chilolezo kwa eni ake, kuika wailesi pakona n'kukhala pansi kusankha nawo masamba. Tsiku loyamba anthu ankayankhula mosamala. Pofika masana a tsiku lachiwiri msana ukuwawa, fumbi la fodya likutsamwitsa, palibe ankakumbukanso za wailesi. Apo m'pamene anapeza chimene anabwerera.

Zimene anapeza zinali zokomera bambo ake kwambiri. M'midzi yambiri ya ku Mphamba chimango chinalidi Chitumbuka, ndipo Chingelezi ndi Chinyanja zinkangolowetsedwamo. Aphunzitsi ndi makalaliki ankakonda kusinthana. Kalaliki wina wotopa ndi kudikira galimoto anati, "Ine nkhuluta kukaya, I cannot wait for these people," ndiye kuti akupita kwawo, sangadikire anthu amenewa. Theka loyamba linali Chitumbuka chathunthu, theka lachiwiri Chingelezi chathunthu, palibe cholowa m'nyumba ya chinzake.

Koma kunali nyumba zina, makamaka cha kumalire, kumene Mtumbuka anakwatira Mchewa wa ku Kasungu kapena kumene aganyu anakhazikika. Kumeneko Petronella anagwira njakata. Chitumbuka ndi Chichewa zimayala mawu pafupifupi mofanana, choncho muyeso woyamba sunkamuuza kanthu. Timawu tambiri tophatikira n'tofanana: munthu akati "tikugula" kapena "mukulima," wayankhula ziwiri zonse nthawi imodzi. Pamene timasiyana, Petronella ankayembekeza kugwira mwini chimango, ndipo m'ziganizo zina ankamugwiradi. Koma m'ziganizo zambiri za nyumba zimenezi timawuto tinkachokera mbali zonse ziwiri m'nthambi imodzi. Anamvetsera mobwerezabwereza mpaka mabatire kutha. Analemba mutu wachinayi wa kafukufuku wake, n'kunena mosabisa kuti m'mayankhulidwe amenewa sangaloze chiyankhulo chimodzi kuti ndicho mwini nyumba. Akulemba, ankamva mawu a amayi ake m'makutu.

Komiti inakumana m'kalasi ina ya pulaimale Loweruka masana kuti imve zotsatira. Zimene zinayankhulidwa kumeneko zinali m'Chitumbuka, koma ndizinena m'Chichewa kuti tiyendere limodzi. A Amock anabwera ndi nyemba m'thumba la jekete, zofiira ndi zoyera. Anali atakonza njira yawo: liwu la Chitumbuka nyemba yofiira, liwu lachilendo yoyera, mulu waukulu wapambana.

Petronella analemba pa bolodi chiganizo cha mlimi wina: Mabaya ŵakalijekita mabelo fayivi, kutanthauza kuti ogula fodya anakana mabelo asanu.

"Werengani, adada," anatero.

A Amock anayang'ana, nkhope n'kugwa. Baya, lijekiti, belo, fayivi, zonse zochokera ku Chingelezi. Anaika nyemba zoyera zinayi patebulo, yofiira ngakhale imodzi ayi.

"Mwa njira yanu munthuyu wayankhula Chingelezi," anatero Petronella. "Koma Mzungu amve zimenezi, atolapo chiyani? Mzungu amayamba ndi nambala, kenako chinthu. Uyu wati mabelo fayivi, nambala pambuyo, monga timachitira ife. Kuchulukitsa wachulukitsa ndi ma. Wochita wamusonyeza ndi ŵa, nthawi yakale ndi ka, monga Mtumbuka aliyense amanenera kuti ŵakaluta, anapita. Mitengo yonse ya chigafachi ndi Chitumbuka. Fodya yekha wopachikamo ndiye wobwereka, ndipo belo ndi liwu loti linakhazikika kale kuno, sindiliwerengeranso ngati lachilendo."

Akuluakuluwo anasangalala kwabasi. Wina anamenya tebulo. Ngakhale chiganizo chodzaza Chingelezi n'chathu! A Amock anabweza nyemba m'thumba akumwetulira, osadandaula kuti njira yawo yagwa, poti yagwera kwabwino.

Kenako Petronella anafika pa mutu wachinayi, ndipo kumwetulira konse kunauma.

"Ukutanthauza kuti kuli nyumba ku Lundazi kuno zopanda mwini?" anafunsa a Amock.

"Ndikutanthauza kuti eni ake ndi awiri, ndipo sindingathe kuwalekanitsa."

"Amenewo ndi anthu osadziwa kuyankhula," anatero ankhazi Jemima ali pabenchi yakumbuyo. "Chitumbuka chowonongeka basi. Tinali naye wotere pakhomo, tonse tikudziwa."

Petronella anatembenukira kwa ankhazi akewo. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anayankha kuti kuwonongeka kulibe ndondomeko, koma mayankhulidwe awa ali nayo, ndipo ana obadwira m'nyumba zimenezo amawatola bwinobwino ngati chiyankhulo china chilichonse.

A Amock anaimirira. Anati akuluakulu a maphunziro akaona mutu umenewo adzati, mwaona, ku Lundazi Chinyanja chili kale m'nyumba, palibe chifukwa chosinthira kanthu. Mantha amenewo sanali opusa, ndipo Petronella ankadziwa. Anawauza kuti mitu itatu yoyamba ndi umboni wolimba kuposa uliwonse umene komiti inakhalapo nawo, ndipo udzalimba chifukwa choti wolemba sanabise zotsutsa. Bambo akewo sanafune kumva.

"Uchotse mutuwo, kapena ulembe kuti chimango ndi Chitumbuka, Chichewa ndi mlendo wongolowa," anatero pamaso pa anthu onse. "Ukaupititsa ku Lusaka mmene ulilimu, pakhomo panga usadzapondepo."

Ndiye nkhani inafika pamenepo: mutu wachinayi kapena bambo ake. Petronella anali ndi kholo limodzi lotsala, ndipo ankalikonda, ngakhale kuti nthawi zambiri ankalakalaka kuligwedeza. Masiku otsatira ankaphunzitsa ana a mnzake wina masamu pakhonde, kuchapa zovala zoyera kale, kuchita chilichonse kuti asayang'ane mapepalawo. Anayesa ndithu kulemba mutuwo mwa njira ya bambo ake. Anatenga chiganizo chimodzi n'kunena kuti chimango ndi Chitumbuka, koma kukana kwa Chichewa kunali pomwepo pamneni kukumuyang'ana. Akanati chimango ndi Chichewa, timawu ta Chitumbuka tinali pomwepo natonso. Anang'amba pepalalo. Sikuti ankangoopa Dokotala Sakala. Liwu lakuti mlendo anali atalimva kale pamanda, ndipo dzanja lake linakana kulilemba.

Uthenga unabwera kuchokera ku Mphamba kuti adada akumufuna, abwere ndi wailesi. Anawapeza m'mawa atakhala pakhonde pampando wawo wa ndalema, atavala tayi.

"Wajambula anthu osankha fodya ndi oledzera," anatero. "Tsopano jambula ine, ku Lusaka akamve Chitumbuka chenicheni. Ndikatha, ukachotse zinyalala zija."

"Mukuvomera kuti zonse zimene munene ndizigwiritse ntchito?"

"Zonse. Ine ndilibe liwu lobisa."

Petronella anaika wailesi pa mpando wina n'kudina batani. A Amock anakonza kukhosi n'kuyamba mbiri ya banja la a Mtonga, m'Chitumbuka chosalala, chokoma, choti munthu ungamvetsere tsiku lonse. Anatchula agogo, anatchula minda, anatchula ana onse mmodzimmodzi ndi sukulu zimene anaphunzira. Anafika mpaka pa zidzukulu. Petronella anadikira, nadikira.

"Nanga amama?" anafunsa.

"Amayi ako anali munthu wabwino. Koma pano tikukamba za chiyankhulo."

"N'chifukwa chake ndikufunsa. Ana amene mwatchulawo anayamwa chiyankhulo cha yani?"

"Usandidule pakamwa, Nyamtonga."

"Inu munawadula pakamwa zaka zingati? Pamphasa, alendo ali pompo, inu kumawabwereza mawu ngati kamwana! Ankhazi kumawaseka pachitsime inu muli chete! Munthu mpaka anasiya kuyankhula m'mudzi mwake momwe, inu n'kumati mkazi wanga ngofatsa. Sanali ofatsa amama, adada. Munawatseka pakamwa!"

Mawu amene anakhala m'mimba chiyambire pamanda anatuluka onse, osasankha. A Amock anadzuka pampando, tayi ili pambali. Munthu amene sanakwezepo mawu mumpingo anakuwa mpaka nkhuku kubalalika. Awa, odandaula kuti anthu akumunena ndipo iwo akuchita manyazi, ndiwapereka monga anatulukira m'kamwa mwawo:

"Iwe ukuganiza kuti ine sindikumanya vinthu? Ŵanthu onse akuyowoya za iwe, ndipo ine soni zikunikola chomene! Choka! Sindikufuna viwawa pa nyumba pano yayi!"

Petronella anali atatsegula kale pakamwa kuti abweze, koma anazindikira kuti mawu omalizawo anali a amayi ake. Anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana wailesi. Kaseti inali ikuzungulirabe. Anaidina, n'kubweza pang'ono, n'kutsegula.

Mawu a a Amock anadzaza khonde. Iwo anamvetsera ataima, chala chikadali cholozera kumsewu. Pofika pa chiganizo chomaliza chalacho chinatsika chokha.

Petronella sanawamvere chisoni, ndisaname. Anatulutsa pensulo n'kulemba chiganizocho pachikuto cha kaseti ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuwapatsa.

"Ndinu mphunzitsi. Chongani. Sindikufuna, kukana kwake ndi wochita wake n'Chichewa. Yayi, kukananso kachiwiri, n'Chitumbuka. Viwawa mwayamba ndi vi wa Chitumbuka, Mchewa akanati ziwawa. Pa nyumba pano, ndi za onse awiri. Kayalidwe ka mawu ena onsewo, ka onse awiri. Ndilozereni mwini nyumba, mundilozerenso mlendo. Mukandilozera, mutu uja ndikauwotcha lero lomwe inu mukuona."

A Amock anagwira pensulo. Anaiyandikitsa pa liwu loyamba, n'kuisuntha, n'kuibwezanso. Anali munthu wouma mutu koma sanali wabodza, ndipo chongi wabodza sanamuikepo pa kope la mwana aliyense. Anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Bweza ndimvenso," anatero motsitsa.

Anabweza. Anamvetseranso, maso ali kukhitchini yakale imene denga lake linali litayamba kugwa.

"Ndi mmene amayi ako ankanenera," anatero. "Ndi mmene ankanenera ndendende."

"Chithunzi chawo tilibe," anatero Petronella. "Kaseti yawo ndilibe, wailesiyi ndaipeza mochedwa. Malo okhawo amene mawu a amama atsala ndi m'kamwa mwanu, inu amene munkawakonza. Ndiye mukundiuza kuti ndikafufute."

Mbuzi inabwera kudzanunkhiza thumba la Petronella, palibe anaiingitsa. Kenako a Amock anafunsa, osamuyang'ana, ngati akalemba dzina lawo m'buku la kafukufukuyo. Petronella anayankha mouma kuti sachita zimenezo. Aliyense wojambulidwa amapatsidwa dzina lina lobisa, ndi lamulo la ntchitoyo, choncho asaope, komiti sidzadziwa kuti wapampando wawo amayankhula Chitumbuka chowonongeka.

Liwu limenelo linawalasa, ndipo Petronella anafuna kuti liwalase. A Amock anatembenuza chikuto cha kaseti m'manja mwawo.

"Mutuwo upite," anatero. "Komiti ndikayankhula nayo ndekha, andinene mmene angandinenere. Ndipo pa dzina lobisalo ulembepo Naphiri."

Petronella anali asanamvepo bambo ake akutchula dzinalo mwa Chichewa chibadwire. Linatuluka bwinobwino, losapunthwa, ngati dzina limene munthu wakhala akulitchula yekha pamene palibe womumva. Zimenezo zinamupsetsa mtima koposa zonse, moti misozi inayamba kugwa iye asanailole.

Analanda pensulo m'manja mwawo, n'kulemba dzinalo pamwamba pa chiganizo chija, akudinikiza mpaka nsonga kuthyoka.

"Ndalemba," anatero. "Koma mukanawaitana choncho kamodzi kokha, adada, iwo akadali ndi makutu."